Kalata yoitanira msonkhano wa bodi: kutumiza mapepala nthawi ikadalipo ndi kuika tsiku lomaliza kupepesa

Kalata yoitanira msonkhano wa bodi imakhala yaifupi, koma imasenza ntchito zitatu. Imauza mamembala tsiku, nthawi ndi malo. Imawapatsa mapepala oti awerenge asanabwere. Imapemphanso kuti amene sadzatha kufika anene pofika tsiku lakutilakuti. Alembi ambiri amasamala ziwiri zoyambazo, koma akafika pa yachitatu amangolemba kuti “amene simudzabwera mutidziwitse”, osaika tsiku, osatchula woti auzidwe. Misonkhano yambiri imalephereka chifukwa cha mzere umenewu. Tsiku lomaliza kupepesa ndilo limakuuzani inu mlembi, mpata wokonza zinthu ukadalipo, ngati kolamu idzakwane, kutanthauza chiwerengero cha mamembala chimene malamulo a bungwe amafuna kuti zimene bodi yagwirizana zikhale zovomerezeka.

Kuti tisamalankhule za m'malere, titenge chitsanzo chimodzi ndipo tiyende nacho mpaka kumapeto. Tinene kuti bodi ili ndi mamembala 9. Malamulo ake akunena kuti kolamu ndi anthu 5, ndipo membala aliyense alandire chidziwitso kutatsala masiku athunthu 7. Msonkhano wakonzedwa kuti uchitike Lachinayi pa 24 Sepitembala 2026, nthawi ya 9 koloko m'mawa.

Yambani ndi malamulo a bungwe lanu

Musanalembe liwu lililonse, tsegulani malamulo oyendetsera bungwe lanu ndi kuwerenga gawo la misonkhano ya bodi. Musadalire zimene mlembi wakale ankachita, pakuti chizolowezi chimatha kupatuka pa malamulo kwa zaka zambiri popanda wochizindikira. Mukufuna mupeze masiku a chidziwitso, chiwerengero cha kolamu, amene ali ndi mphamvu yoitanitsa msonkhano, ndi njira zimene kalata ingatumizidwire, kaya pamanja, pa positi kapena pa imelo. Onaninso ngati membala wolowa nawo pa foni kapena pa kanema amawerengedwa mu kolamu, ndi chimene chimachitikira membala wojomba misonkhano ingapo motsatizana. Mabungwe amasiyana pa zonsezi, choncho manambala a m'chitsanzo chathu musawakope. Kopani kawerengedwe kake.

Werengani masiku mobwerera m'mbuyo

Ikani chala pa tsiku la msonkhano n'kumabwerera. Pamene malamulo anena za masiku athunthu, tsiku limene kalata yaperekedwa siliwerengedwa, ndipo tsiku la msonkhano nalonso siliwerengedwa. Kwa ife masiku 7 athunthuwo ndi 17, 18, 19, 20, 21, 22 ndi 23 Sepitembala. Ndiye kuti kalata iyenera kukhala itafika pofika Lachitatu pa 16. Mlembi amene anganene kuti “Lachinayi mpaka Lachinayi ndi sabata imodzi” n'kutumiza pa 17 wachedwa ndi tsiku limodzi, ndipo membala amene sanakondwe ndi chigamulo china atha kudzaimirira pa tsiku limodzi lomwelo kuti msonkhano wonse sunaitanidwe moyenera. Malamulo ena amanenanso nthawi imene kalata ya pa positi imatengedwa kuti yalandiridwa, ndipo masiku amenewo muwawonjezere pamwamba.

Pa 16 ndi malire, si tsiku loti mulikonzekere. Ikani Lolemba pa 14 kuti ndilo tsiku lotumiza. Mukatero mumakhala ndi masiku awiri oti mukonze ngati imelo ya wina yabwerera kapena fayilo yakana kutseguka, ndipo mamembala amakhala ndi Loweruka ndi Lamlungu oti awerenge. Ambiri a iwo ali ndi ntchito zawo zina, ndipo nthawi yowerenga lipoti la zachuma modekha amaipeza kumapeto kwa sabata.

Kuchokera pa 14 bwereraninso. Olemba mapepala, monga msungichuma ndi mkulu woyendetsa ntchito, akupatseni mapepala awo pofika Lachitatu pa 9, kuti mukhale ndi Lachinayi ndi Lachisanu lowerenga, kubweza zosakwanira ndi kusanja. Ndipo kuti iwo adziwe zoti alembe, inu ndi wapampando mukhale mutagwirizana ajenda pofika Lachisanu pa 4.

Tsopano tsiku lomaliza kupepesa. Apa mpofunika kuganiza bwino, chifukwa likhoza kufulumira kwambiri kapena kuchedwa kwambiri. Mukaliika Lachiwiri pa 15, kalata itangofika dzulo lake, anthu amayankha asanaone bwino ndondomeko ya sabata yawo, ndipo mayankho awo amadzasintha. Mukaliika Lachitatu pa 23, mudzadziwa kuti kolamu sikwana pamene ena anyamuka kale ulendo, chipinda mwalipira kale, ndipo palibe chimene mungachite. Funso lothandiza ndi ili: ndikadziwa kuti anthu sakwana, ndikufuna masiku angati kuti ndichitepo kanthu? Mukufuna tsiku loimbira mafoni, tsiku lokambirana ndi wapampando, ndi mpata wouza onse asanayambe kukonzekera ulendo. M'chitsanzo chathu Lachisanu pa 18, nthawi ya 12 koloko masana, ndi pabwino. Mamembala amakhala ataona mapepala kwa masiku anayi, ndipo inu mumatsala ndi madzulo a Lachisanu komanso Lolemba lonse. Ikani ola, osati tsiku lokha. “Pofika Lachisanu” kwa wina ndi 8 koloko m'mawa, kwa wina ndi pakati pa usiku.

Sanjani ajenda ndi mapepala kuti ziyenderane

Pa nkhani iliyonse ya pa ajenda lembani chimene bodi ikuyembekezeka kuchita nayo: kugamula, kukambirana kapena kungodziwa. Mawu atatu amenewa amathandiza membala wotanganidwa kudziwa pamene athere nthawi yake. Amathandizanso pa za kupepesa, pakuti munthu akaona kuti pali nkhani yaikulu yofuna voti yake amayesetsa kusuntha zina kuti abwere, pamene ajenda yongoti “malipoti” siimupatsa chifukwa chodzivutitsira.

Nkhani yofuna chigamulo itchulidwe momveka. Musalembe “za nyumba” ngati cholinga n'chakuti bodi ivomereze kubwereka ofesi yatsopano kwa zaka zitatu. Lembani zimenezo ndendende. Membala amene wapepesa ataona “za nyumba”, n'kudzamva kuti anzake amanga bungwe pa mgwirizano wa zaka zitatu, ali ndi chifukwa chomveka chodandaulira. Pa chifukwa chomwechi, chigamulo chachikulu chisabisale pansi pa “zina ndi zina”. Malo amenewo ndi a timfundo tating'ono tosafuna voti.

Pepala lililonse lipatseni nambala yofanana ndi ya nkhani yake pa ajenda. Ngati lipoti la zachuma ndi nkhani 5, likhale pepala 5, ngakhale zitachititsa kuti pasakhale pepala 1 kapena 2. Ine ndimaona kuti kudumpha manambala sikusokoneza aliyense, koma pepala 2 la nkhani 5 limachititsa kuti wapampando azingoyankha funso lakuti “tili pa liti?” msonkhano wonse. Pamwamba pa pepala lililonse pakhale mizere yochepa yonena amene walemba, nkhani yake mwachidule, ndi chimene akupempha bodi kuti ichite. Pepala likabwera lopanda pempho lomveka, libwezeni kwa mwini wake Lachinayi lomwelo. Si ntchito ya bodi kufufuza m'masamba khumi kuti ipeze chimene ikufunsidwa.

Mukatha, phatikizani zonse mu fayilo imodzi ya PDF, ajenda patsogolo, masamba onse ali ndi manambala otsatizana kuyambira koyamba mpaka kumapeto. Mafayilo asanu ndi atatu omwazikana amatayika, ndipo wina amabwera atawerenga asanu okha osadziwa kuti ena atatu analipo. Dzina la fayilo lionetse tsiku la msonkhano:

```
Bodi_2026-09-24_mapepala.pdf
```

Itseguleni pa foni musanaitumize. Matebulo a zachuma amene amaoneka bwino pa kompyuta nthawi zambiri amaduka m'mbali kapena amachepa kwambiri pa foni, ndipo mamembala ena foniyo ndi imene adzawerengerepo.

Lembani kalatayo

Kalata ikhale yaifupi, zofunika zili pamwamba. Mutu wa imelo unene zonse ziwiri, tsiku la msonkhano ndi tsiku loyankha, chifukwa ena amawerenga mutu wokha: “Msonkhano wa bodi, 24 Sepitembala: chonde yankhani pofika 18 Sepitembala”. Mkati mwake mukhoza kulemba motere:

> Kwa mamembala onse a bodi,
>
> Molamulidwa ndi a Wapampando, ndikukudziwitsani kuti msonkhano wa bodi udzachitika Lachinayi pa 24 Sepitembala 2026, kuyambira 9 koloko m'mawa mpaka 12 koloko masana, m'chipinda cha misonkhano ku likulu la bungwe. Amene mungafune kulowa nawo pa kanema mundiuze kuti ndikutumizireni njira yolowera.
>
> Chonde mundiyankhe pofika Lachisanu pa 18 Sepitembala, 12 koloko masana, kunena ngati mudzabwera kapena mukupepesa. Ndikupempha yankho kwa aliyense, ngakhale amene mudzabwera, kuti tidziwe ngati kolamu ya anthu 5 idzakwane. Yankho libwere kwa ine mlembi, pa imelo ino kapena pa foni ya ofesi.
>
> Ndaphatikiza ajenda ndi mapepala onse mu fayilo imodzi ya masamba 34. Nkhani 6 ndi 7 zikufuna chigamulo cha bodi. Ngati pali nkhani imene ikukukhudzani inuyo panokha kapena abale anu, munene poyankha pomwepo. Amene mukupepesa mukhoza kunditumizira ndemanga zanu pa pepala lililonse, ndipo ndidzazipereka kwa a Wapampando.
>
> Mapepalawa ndi a mamembala a bodi okha.
>
> Ine wanu,
> Mlembi wa bodi

Pansi pake ajenda:

> 1. Kutsegula msonkhano ndi opepesa
> 2. Kulengeza nkhani zokhudza membala payekha
> 3. Maminitsi a msonkhano wapita (pepala 3, kuvomereza)
> 4. Zotuluka m'maminitsi (pepala 4, kukambirana)
> 5. Lipoti la zachuma (pepala 5, kukambirana)
> 6. Bajeti ya chaka chamawa (pepala 6, kugamula)
> 7. Kubwereka ofesi yatsopano kwa zaka zitatu (pepala 7, kugamula)
> 8. Lipoti la mkulu woyendetsa ntchito (pepala 8, kungodziwa)
> 9. Zina ndi zina
> 10. Tsiku la msonkhano wotsatira

Onani zinthu zingapo m'kalatayi. Tsiku lalembedwa ndi dzina lake, Lachinayi, pamodzi ndi deti, ndipo ziwirizi muzitsimikize pa kalendala musanatumize. Kalata yonena “Lachitatu pa 24” pamene 24 ndi Lachinayi imagawa bodi pawiri, ena kutsatira dzina la tsiku, ena nambala. Nthawi yotsekera yatchulidwa, kuti amene ali ndi zochita masana adziwe ngati angakwanitse kubwera m'malo mongopepesa. Chiwerengero cha masamba chatchulidwa, kuti amene walandira fayilo yoduka azindikire.

Koma chachikulu ndi chiganizo chakuti aliyense ayankhe. Kalata yopempha opepesa okha imakusiyani mukuganiza kuti amene wakhala chete adzabwera. Kukhala chete kungatanthauze kuti munthu adzabwera, kapena kuti sanaone imelo, kapena kuti ali paulendo, kapena kuti adiresi yake inasintha miyezi iwiri yapitayo. Simungawerenge kolamu ndi anthu amene sanalankhule. Komanso yankho libwere kwa munthu mmodzi. Wina akapepesa kwa wapampando atakumana naye panjira, wina kwa mkulu woyendetsa ntchito, wina kwa inu, aliyense wa atatunu amadziwa wopepesa mmodzi ndipo amaona ngati zonse zili bwino, pamene opepesa ndi atatu.

Tumizani kwa onse

Kalata ipite kwa membala aliyense, ngakhale amene mukudziwa kuti ali kutali kapena wakuuzani kale kuti sabwera, pokhapokha malamulo anu atanena mosiyana. Kusiya membala mmodzi, ngakhale mosadziwa, ndi chimodzi mwa zifukwa zimene zigamulo za bodi zimatsutsidwira. Ndiponso amene sabwera ali ndi ufulu woona mapepala ndi kupereka maganizo ake. Musadalire mndandanda umene kompyuta yakusungirani. Tengani kaundula wa mamembala n'kuchonga dzina limodzi limodzi, pakuti membala watsopano amaiwalika mosavuta, ndipo amene anachoka amatsalira pa mndandanda n'kumalandirabe mapepala achinsinsi.

Anthu oitanidwa kudzangofotokoza nkhani imodzi, monga wowerengera za chuma, atumizireni kalata yawoyawo ndi pepala la nkhani yawo yokha. Iwo sawerengedwa mu kolamu, choncho pa mndandanda wanu muwaike padera. Ngati pa mapepala pali nkhani ya munthu wogwira ntchito, monga malipiro ake kapena mlandu wake, ichotseni mu fayilo yaikulu ndipo ipite payokha kwa oyenera kuiona.

Mukatumiza, dikirani pang'ono muone ngati pali imelo yobwerera. Fayilo ikakula kwambiri ena sailandira. Sungani umboni wa tsiku ndi ola limene mwatumiza, ndipo amene mwawapatsira pamanja asaine. Uthenga waufupi wa pa foni wonena kuti “mapepala a bodi ndatumiza pa imelo, chonde onani” ndi wothandiza, koma ukhale chikumbutso chabe. Sulowa m'malo mwa kalata ngati malamulo anu saizindikira njira imeneyo.

Lachinayi pa 17 m'mawa kumbutsani okhawo amene sanayankhe, aliyense payekha. Kukumbutsa gulu lonse kumatopetsa amene anayankha kale, ndipo wosayankhayo amaganiza kuti akunena wina.

Tsiku lomaliza likafika, werengani

Lachisanu pa 18, 12 koloko yakwana. Mndandanda wanu ukuonetsa kuti anthu 4 atsimikiza kuti adzabwera, 2 apepesa, 3 sanayankhe. Apa mpamene alembi ambiri amadzinyenga. Amachotsa 2 pa 9, napeza 7, n'kuuza wapampando kuti zonse zili bwino. Nambala yoona ndi 4, ndipo 4 ndi yochepa pa kolamu ya 5. Opepesa sawerengedwa mu kolamu ngakhale atapepesa mwaulemu chotani, ndipo osayankha sawerengedwa mpaka atayankha.

Madzulo omwewo imbirani atatuwo. Osalembanso imelo, popeza imelo ndi imene yalephera kale. Funso likhale lachindunji ndi laulemu: “Pepani pokusokonezani, ndikufuna nditsimikize za msonkhano wa Lachinayi. Tikuwerengereni kuti mudzakhalapo?” Yankho lakuti “ndiyesetsa” musalilembe ngati inde. Funsani kuti chingawalepheretse n'chiyani ndipo adzadziwa liti, kenaka mugwirizane kuti muimbanso Lolemba m'mawa.

Tinene kuti mwa atatuwo mmodzi wati adzabwera, wachiwiri wapepesa, wachitatu wati adzalowa pa kanema koma adzatuluka 11 koloko. Malamulo a bodi yathu yachitsanzo amawerengera wolowa pa kanema, choncho muli ndi anthu 6. Kolamu yakwana, koma musapume kaye, chifukwa m'mabungwe ambiri kolamu imafunika pa nthawi imene chigamulo chilichonse chikupangidwa, osati potsegula pokha. Bwererani ku ajenda ndi kuwerenga nkhani imodzi imodzi.

Poyankha, mmodzi mwa anayi oyamba aja analemba kuti nyumba imene bungwe likufuna kubwereka ndi ya mlamu wake. Pa nkhani 7 adzatuluka, ndipo malamulo a bodiyi amati wotere sawerengedwa mu kolamu pa nkhaniyo. Atsala 5, ndendende pa malire. Tsono nkhani 7 ili pambuyo pa lipoti la zachuma ndi bajeti, zimene zimadya nthawi, ndipo n'kutheka kuti idzafika 11 koloko itadutsa. Wa pa kanema uja akatuluka atsala 4, ndipo bodi singagamule za ofesiyo. Mukadapanda kufunsa za nkhani zokhudza membala m'kalata muja, mukadazindikira zimenezi muli kale m'chipinda.

Popeza mwadziwa Lachisanu, pali chochita. Lolemba pa 21 muuzeni wapampando manambala monga alili: “A Wapampando, obwera ndi 6, opepesa 3. Pa nkhani 7 titsala 5, ndipo mmodzi mwa asanuwo atuluka 11 koloko. Ndikupempha kuti nkhani 7 ndi 6 tizitenge tikangotha maminitsi.” Kusintha dongosolo la nkhani n'kosavuta, popeza palibe nkhani yatsopano imene ikuwonjezedwa. Wapampando akavomera, dziwitsani mamembala onse tsiku lomwelo, ndipo iye adzanenanso potsegula msonkhano kuti onse avomereze.

Nanga mafoni aja akadakupatsani anthu 4 okha? Pamenepo wapampando ndiye asankhe, osati inu, koma mupite kwa iye ndi njira zokonzeka. Njira yoyamba ndi kufunsa opepesa ngati wina angalowe pa foni kapena pa kanema kwa ola limodzi la zigamulo, ngati malamulo alola. Yachiwiri ndi kusuntha msonkhano. Mukasuntha, werenganinso masiku athunthu 7 kuchokera pa kalata yatsopano: ikafika Lolemba pa 21, masikuwo ndi 22 mpaka 28, ndipo tsiku loyamba lotheka ndi Lachiwiri pa 29. Kalata yatsopanoyo ikhale ndi tsiku lakelake lomaliza kupepesa, ndipo onse ayankhenso, chifukwa amene akadabwera pa 24 mwina sangathe pa 29. Chimene sindingakulangizeni ndi kukumana anthu anayi n'kumati ena adzavomereza pambuyo pake. Angathe kukambirana, koma zimene angagamule zilibe mphamvu, ndipo bungwe likasaina mgwirizano pa maziko amenewo mavuto ake amadzatulukira pamene ndalama zatuluka kale.

Pamakhalanso membala wopepesa amene amati “mnzanga uja adzandivotera”, kapena “lembani kuti ndavomereza bajeti”. Pa misonkhano ya bodi kawirikawiri voti ndi ya amene alipo, pokhapokha malamulo anu atalola mwachindunji kuti membala akhale ndi womuimira. Muuzeni mwaulemu kuti ndemanga yake idzawerengedwa pa msonkhano ndi kulembedwa m'maminitsi ngati ndemanga, koma siidzakhala voti.

Mapepala ochedwa ndi opepesa mochedwa

Nthawi zina pepala limodzi silifika pa tsiku lake. Musagwire kalata yonse chifukwa cha pepala limenelo, pakuti mukatero mudzaphonya malire a pa 16 ndipo msonkhano wonse udzakhala pa chiopsezo chifukwa cha munthu mmodzi. Tumizani zimene zilipo, ndipo pa ajenda mulembe kuti “pepala 8 lidzatsatira pofika Lachitatu pa 16”. Likafika litumizeni palokha, dzina lake likuonetsa nambala yake. Musatumizenso fayilo yonse yokonzedwa, chifukwa ena alemba kale ndemanga pa yoyamba ija ndipo manambala a masamba adzasiyana m'chipinda. Ngati pepala lochedwalo ndi lofuna chigamulo, monga bajeti, ndipo lafika usiku woti mawa msonkhano, muuzeni wapampando kuti aganize zolisiyira msonkhano wina kapena kulikambirana kokha osagamula. Mamembala a bodi amasenza udindo pa zimene avomereza, ndipo si chilungamo kuwapempha kuti avomereze masamba amene awaona koyamba ali pampando. Amene anapepesa nawonso sanalione pa nthawi yoti n'kuperekapo ndemanga.

Opepesa mochedwa adzakhalapo nthawi zonse, chifukwa matenda ndi zovuta zadzidzidzi sizisankha tsiku. Landirani kupepesa kwawo, konzani mndandanda, werenganinso kolamu nthawi yomweyo, ndipo ngati yafika pa malire muimbireni wapampando osadikira m'mawa. N'chifukwa chake ndi bwino kuyesetsa kuti otsimikiza apose kolamu ndi munthu mmodzi kapena awiri. M'chitsanzo chathu, wina mwa asanu ofunika pa nkhani 7 akadwala Lachitatu usiku, nkhaniyo yagwa. Choncho Lolemba lomwe lija ndi nzeru kufunsanso mmodzi wa opepesa ngati angapezeke pa foni kwa mphindi makumi awiri zitafunika, n'kumutumiziratu njira yolowera.

Pa tsiku la msonkhano mupatseni wapampando kapepala ka mayina a opepesa kuti awerenge pa nkhani yoyamba. Zifukwa zawo sizifunika kutchulidwa, makamaka zikakhala za matenda kapena za m'banja. M'maminitsi lembani magulu anayi padera: amene analipo, ndi kusonyeza olowa pa kanema, oitanidwa amene si mamembala, opepesa, ndi amene sanabwere osapepesa. Magulu awiri omalizawa musawasakanize chifukwa chomvera munthu chisoni. Mabungwe ambiri ali ndi lamulo lakuti membala wojomba misonkhano ingapo motsatizana popanda chilolezo atha kuchotsedwa, ndipo umboni wake umachokera m'maminitsi anuwo. Onani bwino mawu a lamulolo, chifukwa kwina kutumiza uthenga wopepesa n'kokwanira, pamene kwina bodi iyenera kuvomereza kupepesako, ndipo zikatero mulembe kuti “bodi inalandira kupepesa kwa” akutiakuti. Lembaninso ola limene membala wa pa kanema anatuluka, ndi kuti wokhudzidwa ndi nkhani 7 anatuluka isanayambe n'kubwerera itatha, kuti wowerenga maminitsi aone yekha kuti pa voti iliyonse munali anthu osachepera 5.